Mawu a Pansi pa Chithunzi: Zimene Tidaphunzira Polengeza Tsiku Loyezetsa Mwaulere ku Dedza

Chaka chatha, pamene tidali ku Dedza kuyeserera ntchito ya uphunzitsi, a namwino a pakiliniki ina yaing'ono yoyandikana ndi sukulu yathu adatipatsa ntchito imene tidaiyesa ya mphindi zisanu. Kilinikiyo idakonza tsiku loyeza anthu a m'midzi yozungulira kuthamanga kwa magazi ndi shuga popanda kulipira. Chithunzi choika pachilengezo chidalipo kale, cha namwino akumanga lamba woyezera pamkono wa agogo ena. Chidatsala ndi mawu a pansi pa chithunzicho, ndipo poti ife tidali aphunzitsi a mawa, adati tilembe ndife. Tidakhala pansi anthu anayi, ndipo posakhalitsa tidatulutsa mawu awa:

“Bwerani nonse! Kuyezetsa matenda mwaulere Lachitatu likudzali pakiliniki. Dziwani za thanzi lanu.”

Tidawakonda mawuwa chifukwa adali aafupi ndiponso okopa. Tidawamata pamtengo wa kumsika, pachigayo ndi pakhoma la sukulu, ndipo anthu adabweradi ochuluka. Koma dzuwa lisanafike pamutu tidali titaona kale kuti mawu athu adalonjeza zinthu zimene kilinikiyo sidakonze, ndipo adasiya zinthu zimene munthu amayenera kudziwa asanachoke pakhomo. M'nkhani ino tikufuna kufotokoza zolakwa zathuzo chimodzichimodzi, chifukwa ambiri a ife tidzapemphedwa kulemba kapena kuwerenga chilengezo chotere kusukulu, kutchalitchi kapena pabwalo la amfumu.

Kuyeza si kuchiza

Cholakwa choyamba chidali m'mawu akuti “matenda”. Munthu wa kumudzi akamva kuti kuchipatala akuyeza matenda mwaulere, amamva kuti abwere ndi chimene chikumupweteka. Motero pamzere padali bambo wodwala dzino, mayi wobereka mwana wotentha thupi, ndi agogo amene maso awo adachita khungu ndipo ankayembekeza kupatsidwa magalasi. Patebulo padali makina awiri oyezera kuthamanga kwa magazi, kamakina kamodzi koyezera shuga ndi sikelo. Mwana wotentha thupi adamutengera mkati kukamuyeza malungo monga mwa masiku onse, koma enawo adabwerera osathandizidwa, ena atayenda ulendo wa maola awiri. Agogo aja pochoka adangoti, “Ana inu, mukadanena.”

Tsiku loyeza anthu ambiri limasiyana ndi tsiku loona odwala. Cholinga chake ndi kupeza anthu amene akudzimva kuti ali bwino koma m'thupi mwawo muli vuto limene silinayambe kuonekera. Kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangokutchula kuti bipi, ndi kotere. Munthu amatha kukhala nako zaka zambiri akulima mbatatesi zake ndi kusenza matumba osamva kalikonse, pamene mitsempha, mtima ndi impso zikuwonongeka pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene agwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Shuga nayenso amatha kukhala zaka asanadziwike.

Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 pamodzi ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse, adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 aliwonse a anthu amenewa sankadziwa. Za shuga, adapeza anthu pafupifupi 6 mwa 100 aliwonse. Anthu osadziwa amenewa ndiwo amene tsiku loyeza limafuna, ndipo chilengezo chathu sichidawaitane. Wathanzi adawerenga mawu akuti “matenda” n'kuona kuti sizikumukhudza, adapita kudimba. Chilengezo chabwino chimatchula mayina a zinthu zimene ziyezedwe, chimanena zaka za anthu oitanidwa, ndipo chimanena poyera kuti ngakhale amene sakumva kupweteka abwere.

Nambala ziwiri za pamakina

Cholakwa chachiwiri chidali chakuti sitidawauze anthu mmene angakonzekere. Ife tinkaganiza kuti makina amanena zoona nthawi iliyonse, pamene kwenikweni amanena za mphindi imene munthu wayezedwayo basi.

Makina oyezera kuthamanga kwa magazi amaonetsa nambala ziwiri. Yapamwamba, imene pamakina ambiri imalembedwa SYS, ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha pamene mtima wafinya. Yapansi, yolembedwa DIA, ndi mphamvu yotsala pamene mtima wapumira kuti udzazenso. Kwa munthu wamkulu, nambala zozungulira 120/80 ndi zabwino. Yapamwamba ikafika 140 kapena kuposa, kapena yapansi ikafika 90 kapena kuposa, achipatala amayamba kukayikira. Sikuti zonse ziwiri zikwere, imodzi yokha ndi yokwanira.

Vuto ndi lakuti nambalazi zimasintha ndi zimene thupi likuchita. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000, ndipo aliyense amene adagonako mu Juni kapena Julayi akudziwa chisanu chake. Kuzizira kumachititsa mitsempha ya pakhungu kuphwaphwatika n'kuchepa, ndipo magazi akamadutsa m'njira yopanikizika nambala zimakwera. Kilinikiyo ili pamwamba pa chitunda, choncho munthu amafika akupuma mwawefuwefu, mtima ukugunda mofulumira. Wavala juzi yokhuthala ndi jekete pamwamba, ndipo akauzidwa kuti aonetse mkono amangopinda malayawo mpaka kuphewa, pomwe amamufinya ngati chingwe. Mwina wamwa tiyi wamasamba ambiri kapena wasuta fodya panjira, mwina wagwira mkodzo kuyambira kunyumba chifukwa choopa kutaya malo pamzere. Chilichonse mwa izi chimatha kusokoneza nambala.

Njira yoyenera ndi yosavuta, koma imafuna nthawi. Munthu asamwe tiyi kapena khofi ndipo asasute kwa mphindi 30 asanayezedwe. Ayambe wataya madzi. Akhale pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, miyendo isanapingasane. Mkono ukhale patebulo molingana ndi mtima, lamba amangidwe pakhungu osati pamwamba pa juzi, ndipo lambayo akhale wolingana ndi mkono, chifukwa lamba wamng'ono pamkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Pamene makina akuyeza, munthu asalankhule. Nambala ikatuluka yokwera, amayezanso patapita mphindi imodzi kapena ziwiri.

Tsiku limenelo tidaona ndi maso athu kusiyana kwake. Bambo wina wa zaka za m'ma 40 adafika panjinga atanyamula thumba la chimanga, ndipo poti mzere udali ukutalika, adamuyeza atangotsika. Makina adaonetsa 152/88. A namwino ataona thukuta pamphumi pake adamuuza kuti akhale kaye pabenchi. Patapita mphindi khumi nambala zidali 131/82, ndipo atabwereza zidakhala pomwepo. Akadachoka ndi nambala yoyamba ija, bwenzi atakauza a kunyumba kwake kuti wapezeka ndi bipi, pamene alibe.

Mayi wina wa zaka za m'ma 50 zake zidayenda mosiyana. Poyamba makina adaonetsa 164/98. Atapuma ndi kuvula juzi zidatsika kufika 149/93, ndipo atabwereza zidali 147/92. Kupuma kudachotsa gawo lobwera chifukwa cha chitunda ndi chisanu, koma chotsalacho chidali chikadali pamwamba pa 140/90. Ngakhale zidali choncho, a namwino sadawauze kuti ali ndi matenda. Adawalembera nambalazo n'kuwauza kuti abwerenso pakatha sabata ziwiri, chifukwa lamulo lake ndi lakuti nambala zipezeke zokwera pamasiku awiri osiyana munthu asanatchedwe wodwala. Mayiwo adabweradi, nambala zidali 148/94, ndipo apo ndi pamene nkhani ya kuchepetsa mchere ndi kuyamba mankhwala idayambika.

Pali nthawi imene sipafunika kudikira sabata ziwiri. Nambala zikafika 180/110 kapena kuposa ngakhale munthu atapuma, ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo, makamaka ngati mutu ukumuwawa kwambiri, akuona mwachimbuuzi, pachifuwa pakupweteka kapena dzanja lachita dzanzi. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera akapezeka ndi 140/90, sabwerera kunyumba kukadikira. Ndiye chifukwa chake kiliniki isanalengeze tsiku lotere imayenera kudziwiratu kumene idzatumize munthu wotere ndi chimene adzakwere.

Adya kapena sanadye?

Patebulo la shuga chisokonezo chidali chamtundu wina. Poti chilengezo chathu sichidanene kanthu za chakudya, mphekesera idadzaza mpatawo. Ena adamva kuti poyezetsa magazi munthu sadya, choncho adabwera ndi njala ya dzulo. Ena adabwera atamwa phala kapena thobwa, ena ankatafuna nzimbe pamzere pomwepo.

Kuyeza shuga kwa patsiku lotere ndi kobaya chala, kudontheza magazi pakapepala kakang'ono, n'kulowetsa m'kamakina. Nambala yotulukayo ilibe tanthauzo mpaka tidziwe nthawi imene munthu adadya komaliza, chifukwa chakudya chilichonse chokhala ndi ufa kapena zotsekemera chimasanduka shuga m'magazi, ndipo shugayo amakwera kwa maola angapo asanatsikenso. Ngati munthu wakhala maola 8 osadya kanthu, akungomwa madzi, nambala ya 7.0 kapena kuposa ndi yokayikitsa. Ngati wadya nthawi ina iliyonse, malire ake ndi 11.1. Tiyerekeze anthu awiri, onse makina awaonetsa 8.4. Woyamba sanadye chidyere nsima ya usiku, ndipo uyu ayenera kukayezedwanso mosamala. Wachiwiri wamwa chikho cha thobwa ola lapitalo, ndipo nambala yakeyo siikutiuza zambiri. Woyeza akapanda kufunsa, mmodzi mwa awiriwa adzauzidwa zolakwika.

Palinso zinthu ziwiri zazing'ono zimene zimasokoneza. Choyamba ndi chala. Munthu amene wagwira nzimbe, nachesi kapena nthochi amakhala ndi zotsekemera pakhungu, ndipo zikasakanikirana ndi dontho la magazi makina amaonetsa nambala yoopsa imene m'thupi mulibe. Tidaona mnyamata wina akutuluka 13.2, ndipo atasamba m'manja ndi sopo n'kupukuta bwino adatuluka 6.0. Chachiwiri ndi muyeso umene makina akugwiritsa ntchito. Ena amalemba mmol/L pambali pa nambala, ena amalemba mg/dL, ndipo kuti uchoke pa woyamba kupita pa wachiwiri umachulukitsa ndi 18. Motero 7.0 ndi chimodzimodzi 126, ndipo 11.1 ndi chimodzimodzi 200. Munthu amene lero wauzidwa kuti shuga wake ndi 6, mwezi wamawa kuchipatala china n'kuuzidwa kuti ndi 108, akhoza kuda nkhawa kuti wakwera moopsa, chikhalirecho ndi nambala imodzi yomweyo. Wolemba zotsatira asamasiye zilembo za pambalizo.

Titazindikira izi tidafulumira kunena kuti ulendo wina tidzalemba kuti aliyense abwere asanadye. A namwino adakana, ndipo chifukwa chawo chidatiphunzitsa kanthu. Adati chilengezo chimawerengedwa ndi aliyense, kuphatikizapo amene ali kale pamankhwala a shuga. Munthu wotere akamwa mapiritsi ena a shuga kapena akadzibaya jakisoni m'mawa osadya, n'kuyenda mtunda wautali m'chisanu n'kuimanso pamzere maola atatu, shuga wake amatha kutsika kwambiri mpaka kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kukomoka. Okalamba nawonso njala ya pamzere imawafooketsa. Adasankha kuti anthu adye monga mwa masiku onse, woyeza azifunsa aliyense nthawi imene wadya n'kulemba, ndipo okayikitsa okha ndiwo azipatsidwa tsiku lobweranso m'mamawa asanadye. Kiliniki ina ikhoza kusankha njira inayo ngati anthu ndi ochepa ndipo mzere ndi waufupi. Chofunika ndi chakuti chilengezo chinene chimodzi mwa ziwirizi momveka, ndipo chisankhocho achite ndi achipatala, osati wolemba.

“Nonse” ndi angati, ndipo “ulere” ukuthera pati?

Cholakwa chachitatu chidali m'mawu awiri amene tidawakonda koposa. Tidalemba kuti “bwerani nonse” osachita masamu, ife amene tinkaphunzitsa masamu m'kalasi. Kuti munthu mmodzi alembetse dzina, ayezedwe kawiri, abayidwe chala, alemberedwe zotsatira ndi kufotokozeredwa tanthauzo lake, pamafunika mphindi pafupifupi khumi. Kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana ndi mphindi 240, ndiye kuti tebulo limodzi lingathandize anthu 24, ndipo matebulo awiri anthu 48. Timapepala toyezera shuga tidali m'kabotolo kamodzi ka 50, ndipo kapepala kamodzi sikagwira ntchito kawiri. Anthu akabwera oposa apo, pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Mwina ena amabwerera osayezedwa, mwina oyeza amayamba kufulumira, kudumpha mphindi zisanu zopuma ndi kuyeza kamodzi kokha, monga zidatsala pang'ono kuchitikira bambo wa panjinga uja. Khamu lalikulu limaoneka bwino pachithunzi, koma limabala nambala zosadalirika.

Njira yake ndi kunena nthawi yoyambira ndi yothera, ndi kugawa midzi. Amfumu ndi alangizi a zaumoyo amadziwa kuti mudzi uliwonse uli ndi mabanja angati, ndipo angathandize kusankha kuti midzi iwiri ibwere Lachitatu lino, ina Lachitatu linalo. Tsikunso lisankhidwe mofunsa eni dera. Tsiku la msika anthu amakhala ndi katundu wogulitsa, ndipo Lachisanu, Sabata ndi Lamulungu aliyense ali ndi kopemphera kwake. Mawu akuti “Lachitatu likudzali” nawonso ndi msampha, chifukwa pepala limakhala pamtengo sabata zingapo, ndipo Lachitatu lililonse limakhala likudza. Sabata yotsatira kudabwera anthu ena kudzafunsa za kuyezetsa kumene kudatha kale. Palembedwe tsiku ndi deti lake.

Mawu akuti “mwaulere” nawonso amafuna malire. Chimene chidali chaulere ndi kuyeza. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi si akumwa masiku ochepa chabe ngati a malungo, ambiri amamwa tsiku ndi tsiku kwa moyo wonse, ndipo amafunika kukatenga ena mwezi ndi mwezi kapena monga achipatala anenera. M'zipatala za boma, monga chipatala chachikulu cha boma la Dedza, munthu salipira chithandizo, koma amalipira ulendo, ndipo kwa wochokera kumidzi ya kutali ndi msewu wa M1 ndalama ya kabaza ndi minibasi si yochepa. M'zipatala za mipingo ndi za anthu wamba kawirikawiri pamakhala kulipira. Munthu amene wamva “mwaulere” n'kuganiza kuti abwerera ndi mankhwala m'thumba amaona ngati wanamizidwa, ndipo ulendo wina sabweranso. Kunena zoona pachilengezo kuti kuyeza ndi kwaulere koma mankhwala saperekedwa tsikulo kumachepetsa khamu pang'ono, koma kumasunga chikhulupiriro.

Chinthu chomaliza chimene tidaiwala ndi buku la kuchipatala, kabuku kaja kamene aliyense amasunga yekha kunyumba. Anthu ambiri adalisiya chifukwa sankadwala, ndipo zotsatira zawo zidalembedwa patimapepala tong'amba m'kope, timene timathera m'thumba la malaya n'kuchapidwa. Komatu taona kale kuti nambala ya tsiku limodzi imapeza tanthauzo ikayerekezedwa ndi ya tsiku lina. Ikalembedwa m'buku pamodzi ndi deti, dokotala wa kuboma amaona pamene nkhani idayambira. M'bukumo mumaonekanso ngati munthu ali kale pamankhwala, ndipo wotere amayenera kumwa mankhwala ake a m'mawa monga mwa nthawi zonse. Ena amasiya dala kuti aone ngati adachira, osadziwa kuti chimene woyeza akufuna kudziwa ndi chakuti mankhwalawo akugwira ntchito kapena ayi.

Mawu amene tidalemba kachiwiri

Kilinikiyo itakonzanso tsiku lina mu Julayi, tidayamba ndi kukhala pansi ndi a namwino n'kuwafunsa mafunso tisanagwire cholembera. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mawu amene tidatulutsa ndi awa, kungoti pano tachotsa mayina a kiliniki ndi midzi:

“Kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga mwaulere. Lachitatu pa 16 Julayi, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana, pakiliniki. Tikuitana abambo ndi amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo a m'midzi iwiri iyi, ngakhale amene sakumva kupweteka kulikonse. Idyani monga mwa masiku onse, ndipo ngati muli pamankhwala imwani. Tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo mkati mwa juzi valani malaya a manja aafupi. Tsikuli ndi loyeza chabe, mankhwala sadzaperekedwa. Amene nambala zawo zidzakhale zokwera adzauzidwa kopita.”

Ndi aatali kuposa oyamba aja, ndipo alibe mfuu. Koma chiganizo chilichonse chikutseka dzenje limene wina adagweramo mu Juni. Zaka 30 adasankha ndi a namwino poona kuchepa kwa timapepala ndiponso poti mavutowa amachuluka munthu akamakula, ngakhale wachinyamata wobwera sankabwezedwa. Za tiyi, fodya ndi kusamba m'manja sitidaziike papepala kuti lisadzaze. M'malo mwake tidaika chidebe cha madzi ndi sopo pakhomo, mabenchi padzuwa pobisika mphepo, ndipo mmodzi wa ife ankalandira anthu ndi kuwauza kuti, “Takulandirani amayi, khalani kaye pano mupume, tikuitanani.”

Tisanamate, tidawayesa mawuwo monga mmene mphunzitsi amayesera phunziro. Tidawerengera mayi wina wogulitsa tomato kamodzi kokha, n'kumufunsa mafunso asanu: akuyeza chiyani, liti, ndani abwere, atenge chiyani, ndipo mankhwala apereka kapena ayi. Adayankha anayi, koma la mankhwala adaphonya, chifukwa poyamba tidalemba kuti “chithandizo chidzaperekedwa kwina”, iye n'kumva kuti chidzaperekedwa m'chipinda china cha pakiliniki pomwepo. Tidasintha n'kulemba mosabisa kuti mankhwala sadzaperekedwa. Kuwerenga mokwezaku n'kofunika pachifukwa chinanso. Ambiri mwa okalamba amene tinkawafuna samva uthenga kuchokera papepala, amaumva kwa mdzukulu, kwa wolengeza kutchalitchi kapena kumzikiti, kapena kwa nyakwawa pamsonkhano. Mawu ayenera kukhala oti akadutsa pakamwa pa anthu awiri afike asanasinthe, ndiye chifukwa chake ziganizo zikhale zazifupi ndipo chilichonse chinyamule nkhani imodzi.

Chithunzi nachonso tidasintha. Agogo a pachithunzi choyamba adali a m'dera lomwelo, ndipo palibe amene adawapempha chilolezo. Anthu atawaona atamangidwa lamba pamwamba pa mawu akuti “matenda”, adayamba kuwazonda ngati odwala, ndipo iwo sadakondwe. Tidapita kukapepesa. Pachilengezo chachiwiri tidaika chithunzi cha mkono wokha uli patebulo, wopanda juzi, lamba atamangidwa pamwamba pa chigongono, kotero kuti chithunzicho chinkaphunzitsa chimene mawu ankanena.

Pa 16 Julayi anthu adabwera ochepa poyerekeza ndi mu Juni, ndipo aliyense adapuma, adayezedwa kawiri ndi kulemberedwa m'buku lake. Ifenso tidaphunzira kulankhula mosamala kwa amene nambala zawo zidali zabwino. Kunena kuti “mulibe matenda” ndi kulonjeza zimene makina aja sangadziwe, poti sayeza chifuwa chachikulu, khansa kapena kachilombo. Chimene tingamuuze munthu ndi chakuti lero kuthamanga kwa magazi ndi shuga zili bwino, ndipo adzayezetsenso chaka chamawa, kapena msanga ngati ayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku kapena kuwonda popanda chifukwa.

Mayi wa 148/94 uja tidakumana naye kuchigayo sabata yathu yomaliza. Adatsegula mpango n'kutionetsa buku lake, mmene mudali madeti atatu ndi nambala zake motsatana, yomaliza ili 136/86. Adatiuza kuti mchere wa patebulo adauchotsa, ndipo amuna awo akudandaula kuti ndiwo sizikukoma. Kenaka adafunsa ngati tsiku lina loyeza lidzakhaleko, chifukwa akufuna kubwera nawo.